Chala cha Mayi Sakhalapansi

Mayi Sakhalapansi ali ndi zaka 57, ndipo ndi mphunzitsi wa kalasi yachitatu. Dzinali anawapatsa ndi ana, chifukwa mpando wawo m'kalasi ntchito yake n'kusunga chikwama. Amaphunzitsa akuyenda, amadya ataimirira. Nsapato zimene athera pakati pa madesiki pa zaka makumi atatu n'zosawerengeka.

Chaka chino m'kalasi mwawo munali mtsikana amene anzake amamutcha Kachete. Pa mayeso a kuchotsera kobwereka anapeza ziro. Ahedi anati abwerere ku kalasi yachiwiri, kumene kuli mng'ono wake. Mwanayo atamva anasiya kutuluka pa buleki.

Mayi analowa mu ofesi osagogoda.

"Ahedi, pepala lija likunena zimene mwana wachita payekha. Zimene angachite wina atamugwira dzanja pang'ono silikunena."

"Pa mayeso pamakhala womugwira dzanja, Mayi?"

"Palibe. Ndipatseni masabata awiri."

"Awiri basi. Ndidzamuyesa ndekha. Akalephera, abwerera."

Lolemba anzake akukopera za pabolodi, Mayi anaima pa desiki ya Kachete. Anamulembera 47 kuchotsa 23. Anapeza yekha, 24. Anamulembera 403 kuchotsa 178. Anamufotokozera, anamufunsa, anamujambulira, mwana anangoluma pensulo. Mayi anafufuta. Kenako 52 kuchotsa 27. Kachete analemba 35: pa mawani, poona kuti 7 sangachoke pa 2, ankangotembenuza n'kuchotsa 2 pa 7.

Mayi anatulutsa timitengo, tomanga khumikhumi ndi mphira. Mitolo isanu, ndi tiwiri tapadera.

"Ndipatse tisanu n'tiwiri."

"Tilipo tiwiri tokha, Madamu."

"Ndiye ndizipita chimanjamanja?"

Mwana anayang'ana mitolo ija nthawi yaitali. Kenako anamasula umodzi. Yankho linatuluka 25.

Pamenepo ndi pamene Mayi ankafuna. Samu yoyamba ija inali yotaya nthawi, yachiwiri inali yomuliza. Yachitatuyi sakanaitha yekha, koma ndi funso limodzi ndi mitolo anaitha. Mwana amaphunzira pa kampata kameneka, ndipo kampataka kamasuntha iye akamakula nzeru. Kukoleji anakatchula dzina lalitali lachingerezi. Mayi amangoti "pofikira ataimirira ndi zala".

Thandizo nalonso n'loyenera kuchotsedwa. Mmisiri akamaliza khoma amagwetsa mitengo yokwerapo. Lachitatu Mayi anabisa timitengo, mwana anajambula mitolo m'kope. Lachisanu analetsa kujambula, anasiya funso lokha: "Mawani akukwana?" Sabata yachiwiri anasiya ndi funsolo. Kachete ankakhoza zonse. Mayi sanadikire tsiku, anakaitana Ahedi Lachitatu.

Ahedi analemba samu ziwiri, mwana anakhoza, Mayi ali pambali pake akupondaponda.

"Mayi, tapitani mukaime pakhomo."

Samu yachitatu mwana anatembenuzanso manambala.

"Mwanayu akuwerenga chala chanu," anatero Ahedi chapansipansi. "Pofunika kubwereka, mumagogoda pa mateni. Posafunika, simugogoda. Ngakhale ine ndikanakhoza."

Mayi anayang'ana chala chawo ngati cha munthu wina. Anachotsa mitolo, anachotsa zojambula, anachotsa funso, koma ichi sankadziwa n'komwe kuti chilipo.

"Masiku anga sanathe, Ahedi."

"Atsala awiri. Chalacho mukachisiye kunyumba."

Lachinayi Mayi anauza Kachete zoona. "Ndimakuuzira osadziwa. Lero funso lija uzidzifunsa wekha, mokweza." Anamusakanizira samu zobwereka ndi zosabwereka, iwo n'kuima kumbuyo kwake, dasitala m'manja onse awiri. Mwana analakwa yoyamba. Dasitala anafinyidwa mpaka fumbi. Mayi anazungulira kalasi kawiri, anakalipira mnyamata wosalakwa, anabwerera. Anamva kamawu: "Mawani akukwana? Sakukwana." Mwana anafufuta yekha.

Lachisanu Ahedi anabwera ndi samu zisanu, n'kuwatulutsa Mayi panja. Mayi anayenda khonde lonse kasanu ndi kamodzi. Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anasuzumira.

"Anzanga, mwana akubadwa kodi?"

"Phunzitsani ana anu, inu."

Pawindo Mayi ankaona milomo ya Kachete ikugwedera. Pa 61 kuchotsa 38 mwana anaima, pensulo m'mwamba, n'kucheukira kumene Mayi amaima. Panalibe munthu. Anadula 6, analemba 5, anapeza 23.

Anakhoza zinayi. Yachisanu anabwereka bwino koma anaphonya powerenga.

"Akhale," anatero Ahedi. Mayi anali atapita kale kukafufuta bolodi.

Kachete akadali mu kalasi yachitatu. Wayamba za mahandiredi, ndipo pa zimenezo akugwiritsanso timitengo.