Tsiku la Chiphaso cha Mbuzi

Esinala analemba zokambirana za komiti yofufuza kayendetsedwe ka bungwe la alimi a mbuzi ku Chapananga kwa zaka zambiri. Ofufuza atapeza kuti mbuzi zikugulitsidwa popanda chiphaso cha dotolo wa ziweto, manejala Fanizo anayankha kuti akonza zimenezi mapira akacha.

Esinala anaika cholembera pansi. “Bambo Fanizo, mapira a kuno amacha tsiku lanji? Chaka chatha sanache n’komwe!”

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo Fanizo anatchula tsiku lenileni, 30 Juni. Pamsonkhano wotsatira anabwera atanyamula ziphaso zonse, thukuta lili kamukamu. Esinala analemba kuti nkhaniyo yatsekedwa. Kumunda, mapira anali asanache.