Mmene Bushira Anatayira Loweruka Lake

Bushira amagwira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya bambo ake ku Mitundu, laputopu ili pa makatoni a sopo, koma kampani imene inamulemba ntchito ili ku Vancouver, kutsidya kwa nyanja. Ntchito yake ndi kuunika khodi, malangizo amene amalembedwa popanga mapulogalamu a kompyuta. Mnzake akalemba gawo latsopano la pulogalamu amatsegula PR, pempho loti wina aliwerenge lisanaphatikizidwe ndi zonse, ndipo wowerengayo kawirikawiri amakhala iye. Loweruka linali lake. Ankapita ku Nathenje kukaona mwana wake, yemwe amakhala ndi achemwali ake.

Ndiye kampani inabweretsa tchati choonetsa nthawi imene PR iliyonse yadikira, n'kunena kuti wochedwa kontirakiti yake sadzaiwonjezera. Dzina la Bushira linali pansi penipeni, lofiira psuu.

Koma abale, anachedwa pati? Vancouver ili m'mbuyo ndi maola naini, nyengo ina teni. Anzakewo amatsegula ma PR Lachisanu masana akamaweruka, kuno Loweruka likuyamba kumene. Iye amawapeza Lolemba m'mawa, n'kuyankha tiyi asanazizire. Pa maola ake a ntchito PR yadikira awiri okha, koma tchati chimawerenga kuyambira pomwe yatsegulidwa, usiku ndi wikendi yomwe, n'kulemba masiku awiri ndi theka.

Anachita mantha, poti ntchito zotere sizigwa ngati mango. Anayamba kuyankha Loweruka lomwe, ku Nathenje kuja akungoimbako foni. Miyezi inapita chomwecho, maso ali gwaa pa laputopu, msana ukuwawa. Atatopa zenizeni anauza a Matthews, mkulu wa gulu lawo.

"Bwana, muziwerenga maola amene wowunikayo ali pa ntchito, pa wotchi ya kwawo. Muchotse usiku, wikendi ndi maholide a dziko lake."

"Mukunena zoona," anatero a Matthews. Ndi munthu wabwino ndithu, koma waphuma. M'malo mofunsa aliyense maola ake, analemba kapulogalamu koti kaone nthawi zimene munthu wakhala akuyankha ma PR miyezi yapitayi, n'kutenga zimenezo ngati maola ake a ntchito.

Tchati chatsopano chinatuluka, Bushira ali pamwamba, kontirakiti n'kuwonjezeredwa. Anapuma mpweya wautali, Loweruka lotsatira n'kukwera minibasi wa ku Nathenje, laputopu ataisiya. Lolemba anapeza dzina lake lafiiranso. Atatsegula pa maola ake anaona kuti palembedwa Lolemba mpaka Loweruka, poti kapulogalamu kaja kanaona kuti miyezi yonse ija ankayankha Loweruka lomwe.

Anawalembera a Matthews. Iwo anayankha mwaulemu kuti anzake azolowera kuyankhidwa Loweruka, zisiyidwe kaye choncho mpaka kontirakiti ina. Bushira analibenso mphamvu zokangana. Anaimbira achemwali ake.

"Achemwali, mumuuze mwanayo kuti asamandidikire pa siteji Loweruka."