Mkaka Umene Tinkamwa Pafakitale

Fakitale yathu itagulitsidwa, mapepala ake akale anapita ku laibulale, ndipo patapita zaka anaikidwa mu kompyuta. Mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene ankagwira ntchito ku laibulaleko, anadzanditenga kwathu ku Nangongwe kuti ndikaone.

"Ba malume, funsani m'Chinyanja," anatero. "Kompyutayi imasandutsa mau anu kukhala Chizungu, kenako imasaka mapepala okhala ndi mau amenewo."

Sindinakhulupirire. Mabwana amene tinakhala nao zaka zonsezo sankadziwa ngakhale moni, ndiye makina aphunzira liti? Ndinaganiza kuti mtsikanayu anakonzeratu mayankho. Choncho ndinafunsa zimene sakanazidziwa, za mkaka umene ankatigawira tsiku lililonse ati utsuke fumbi m'chifuwa. Mtsikanayo analemba mau atatu: mkaka, fumbi, chifuwa.

Poyamba zinatuluka za kukantini, kumene tinkadyera. Ndinaseka mokweza. Koma pepala lachitatu linali kalata ya dokotala wa pafakitale, ndipo anandimasulira pang'onopang'ono. Inati mkaka umapita m'mimba, suteteza mapapo, ndipo antchito akufunika zophimba kumphuno.

Ndinamuuza awerengenso. Kalatayo inkagona muofesi imene tinkaidutsa m'mawa uliwonse, makapu ali m'manja, tikutsokomola n'kumathokoza.