Nambala ya Mtengwa pa Foni ya Apongozi

Leticia anabwera ku Karonga kuchokera ku Dedza atanyamula makina osokera ndi majuzi odzaza chikwama. Majuziwo sanawavalepo mpaka lero. Makinawo anawaika pakhonde la sitolo ina mumsika wa pa boma, ndipo ndi pamene amasokera mayunifomu a sukulu ndi madiresi a ukwati. Anakwatiwa ndi Keith Mwangosi, dalaivala wa lole yopita ku Tanzania, mwamuna wabwino ndithu koma wooneka pakhomo mwa apo ndi apo. Kutentha anakuzolowera, moni wa Chinkhonde anamuphunzira, nthochi zophika ndi nyama anafika pozikonda. Chimene chinamukanika kumeza ndi chimodzi chokha: mwambo wa pakati pa iye ndi apongozi ake aamuna.

Apongoziwo, a Manase Mwangosi, anali thenga wodziwika, munthu wonyamula mawu pakati pa mabanja awiri pa nkhani za malowolo. Mwambo unali ntchito yawo, ndiye ankausunga wonse osataya ndi kachidutswa komwe. M'makomo ambiri oyandikana nawo zinthu zinafewa kale, koma kwa a Mwangosi mtengwa sayang'anana ndi apongozi, sakhala nawo m'chipinda chimodzi, ndipo satchula dzina lawo. Leticia ankangowatchula kuti agogo a Brave, potengera mwana wake. Kwawo ku Dedza amene amazemba apongozi ndi mkamwini, ndiye ankaona ngati wagwa m'dziko loyenda chafutambuyo.

Pamene a Yunike, apongozi aakazi, anali moyo, zonse zinkadzera mwa iwo. Atamwalira, pakhomo panatsala anthu awiri osalankhulana ndi chitseko pakati pawo. Chitsekocho ndicho chinasanduka thenga.

"Uzani a m'nyumbamo kuti tiyi wazizira," ankatero a Mwangosi ali pakhonde, akuyang'ana mtengo wa mango.

"Auzeni a pakhondepo kuti anafika wotentha," ankayankha Leticia, akuyang'ana khoma.

Zikanakhala za tiyi zokha bwenzi zili zoseketsa. Koma a Mwangosi anali ndi matenda a shuga, odzibaya jakisoni wa insulini m'mawa uliwonse. Amene ankasunga kabotolo ka mankhwala mumtsuko wozizira ndi Leticia. Amene ankakumbukira tsiku la ku chipatala ndi Leticia. Ndi iyenso amene anamva bwino zimene namwino ananena, kuti munthu akabaya jakisoni koma osadya, shuga amatsika, thukuta limachita kamukamu, lilime limalemera, ndipo osadziwa amangoti waledzera. Akasiyidwa choncho amakomoka, mwinanso osadzukanso. Koma nkhalambayo, ikakhala ndi mlandu wa ng'ombe za malowolo m'mutu, phala inkaliona ngati chinthu chochedwetsa anthu.

Namwino yemweyo ndiye anamuonetsa za pa foni. Tsiku lina Keith ali pakhomo, Leticia anamutuma kukabwereka foni ya bambo ake, yomwe inkatsekedwa ndi kachizindikiro kojambula ndi chala. Analowa m'masetingi, pa gawo la zangozi, n'kulemba m'Chichewa chomveka: "Ndili ndi matenda a shuga, ndimabaya insulini. Ndikaoneka ngati ndaledzera, shuga watsika. Ngati ndikutha kumeza, ndipatseni chakumwa chotsekemera. Ngati ndakomoka musandimwetse kanthu, thamangirani nane ku chipatala." Pa dzina anapatsira Keith kuti alembe yekha, poti ngakhale chala cha mtengwa chili ndi malire. Kenako anaika nambala yake pa anthu oimbiridwa pangozi, nayatsa poti zonsezi zizioneka foni ili yotseka. Anaitseka n'kuyesa: anakweza chala pagalasi, nadina pa mawu akuti Emergency, nadinanso posonyeza za umoyo. Zonse zinatuluka popanda chizindikiro chija, ndipo atadina nambala yake foni yake inalira.

Chimwemwe chake sichinafike madzulo. Keith anabwera kukhitchini akukanda mutu.

"Amayi a Brave, bambo akuti zamatendazo zikhale, koma nambala yanu ichoke."

"Ichoke chifukwa?"

"Akuti munthu akagwa, uthenga umayamba kwa mkulu wa banja. Ndiye tiike a Chakufwa, kenako ine."

Leticia anaika chipande pansi. A Chakufwa, akulu awo a apongozi, ankalima mpunga ku Kaporo. Chiyambire chaka chimene madzi osefukira anawaonongera foni, yatsopanoyo ankaikulunga m'pepala la shuga n'kuisomeka kudenga, yozimitsa, kuti isavutike. Ankaiyatsa Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Keith nayenso akangowoloka malire pa Songwe ankachotsa simu ya kuno n'kuika ya ku Tanzania.

"Ndiye mukuti agwe Lamulungu masana, inu muli patchuthi?"

Pakhonde panamveka kutsokomola. "Uzani a kukhitchiniko kuti thupi la mwamuna wamkulu salifotokozera mkamwana wake pa foni. Yayi. Sitinakule choncho."

"Auzeni a pakhondepo kuti shuga sadziwa mkulu wa banja."

Keith sanauze aliyense kanthu. Anachotsa nambala ya mkazi wake, naika ziwiri zija, ndipo m'mawa mwake analiza lole n'kupita. Leticia anapsa mtima sabata yonse, moti ngakhale makasitomala anaona kuti makina akugunda mwaukali. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti munthu amene amatsuka mtsuko wa mankhwala ndi yemweyo amene sayenera kuimbiridwa.

Tsiku lake linali Lachinayi. A Mwangosi anali ndi nkhani ya malowolo ku Lupembe, ndipo m'mawa Leticia anawasiyira phala ndi mbatata pa tebulo asanapite ku msika. Masana anabwerera kudzatenga ulusi umene anaiwala. Pa tebulo anapeza jakisoni wogwiritsidwa kale ntchito, ndi mbale ya phala yovundikira monga anaisiyira, supuni yake youma. Mbatata nazo zinali zonse.

Anaima pakati pa nyumba foni ili m'manja. Chikwatiwire anali asanaimbirepo apongozi ake. Anayesa Keith, osapezeka. Anayesa a Chakufwa, ngakhale ankadziwa kuti akuimbira denga. Kenako anati kaya, zikakhala zolipira nkhuku pophwanya mwambo adzalipira, naimba.

Anayankha ndi mayi wa mawu a kumwera. "Halo? Ndinu ndani inu? Apa pagalasi palembedwa kuti Osaimba."

Leticia anatseka maso. Ndiye kuti ndilo dzina limene apongozi anamusungira mu foni.

"Ndine mtengwa wawo. Ali kuti eni foniyo?"

"Ali pakhonde la golosale yanga kuno ku Lupembe. Ine ndine Mwajuma. Anatsika minibasi akudzandira, n'kukhala pansi suti ili chinyowere. Anthu amati ndi kachasu, ena amawajambula. Koma ine ndimanunkhiza, mowa sumveka. Ndiye ndinatenga foni m'thumba la jekete, poti amayi anga a BP tinawaikira zomwezi. Ndawerenga zonse. Amatha kumeza, ndawamwetsa Fanta pang'onopang'ono, maso ayamba kubwerera."

Leticia anakhala pa mkono wa mpando.

"Koma achemwali, inu a pabanja pano mumatani?" anapitiriza Mwajuma. "Manambala awiri muikapo, onse akufa. Ndadina yoyamba, yozimitsa. Ndadina inayo, kulibe. Ndayesanso pa foni yanga poganiza kuti mwina muno mulibe mayunitsi, chimodzimodzi. Foni ndi yotseka, kwina sindingalowe. Mwiniwake ndikamufunsa kwawo akundiuza za ng'ombe."

"Musawalole kunyamuka, chonde. Apatseni buledi akatha kutafuna, ndipo muwapezere galimoto yobwera ku chipatala cha pa boma. Mundipeza pageti."

"Akukana galimoto. Akuti akuwadikira ku mlandu."

"Ikani foni pa khutu lawo."

Kunamveka kupuma kolemera. Leticia anayang'ana khoma mwachizolowezi, koma nthawi ino sanatume chitseko.

"Bambo, phala lanu lili pa tebulo. Kwerani galimotoyo."

Kenako Mwajuma anabwereranso akuseka chapansipansi. "Akuti akwera. Mwawauza chiyani?"

Ku chipatala anawayeza shuga, nawagoneka kuti awaone kaye. Namwino anauza Leticia pakhonde kuti chakumwa chija chinafika pa nthawi yake. Leticia anathokoza Mwajuma, amene anatseka golosale yake n'kuperekeza munthu wosamudziwa, ndipo mayiyo asanabwerere anamukalipiranso kachiwiri za manambala. Leticia anangovomera, poti kufotokoza za denga la a Chakufwa kwa mlendo kukanakhala kuvula banja.

Mu wodi sanalowe mpaka pa bedi. Anakhala pa benchi kuseri kwa katani, ali ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata zomwe zija. Mkwiyo unali utabwerera tsopano poti mantha atha. Ankawerenga mumtima zimene adzauze Keith, ndipo zinali zambiri.

Kuseri kwa katani kunamveka kutsokomola kodziwika kuja.

"Uzani a panjapo kuti mbatata ndalandira. Ndaga," anathokoza m'Chinkhonde.

"Auzeni a m'katimo kuti zinali zam'mawa."

Kenako pansi pa katani panatulukira foni, ikukankhidwa ndi nsonga ya ndodo. Inali yotsekula kale.

"Uzani a panjapo alembe nambala yawo pa malo paja. Koma ya akulu anga asachotse."

Leticia anaitola. Analowa pa gawo la zangozi lija, nasankha powonjezera munthu, ndipo foni inamuonetsa maina onse osungidwa. Anafufuza lake mpaka analipeza.

"Afunseni a m'katimo ngati munthu wodzawatola pamsewu adzaimbe nambala yolembedwa kuti Osaimba."

Munthu wogona pa bedi loyandikana anayamba kuseka, kenako anasiya. A Mwangosi, amene anathetsa milandu ya ng'ombe yovuta kuyambira ku Kaporo mpaka ku Lupembe, anakumana ndi mlandu wowakanika. Dzina la mtengwa sakanalitchula, ndipo Leticia ankadziwa zimenezo. Anadikira dala.

"Fufutani zimenezo," anatero pomaliza, ndipo sanati uzani. "Mulembe kuti Mwana wanga."

Leticia analemba. Anatseka foni, nadina pa Emergency, naona maina atatu ali pamzere, lake lili pansi pa anthu awiri osayankha. Analidina, foni yake inalira m'chikwama. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nakankhira foni ija pansi pa katani pamodzi ndi kapu ya tiyi.

"Imwani usanazizire, bambo," anatero. "Mawa phala liyambe, ng'ombe pambuyo."