Dzina la Apu ya Mwana wa Achimwene

Pa Madisi palibe amene anandiposapo pa kunenerera. Ndagula soya zaka zambiri, ndipo mlimi amachoka pa sikelo yanga akuthokoza ngakhale ndamufinya. Choncho mwana wamkazi wa achimwene atapanga apu ya pafoni youza alimi mitengo ya mbewu m'misika, n'kunena kuti ikusowa dzina, ndinati ntchito imeneyo ndi yanga.

Anatiuza zofunika tili pakhonde kwawo ku Ntchisi. Dzina likhale lalifupi kuti lisaduke pansi pa kachithunzi ka apu, mlimi athe kulilemba posaka, wolankhula Chingelezi asapunthwe nalo lilime, komanso lisakhale la apu ina.

Achimwene, amene anali atayamba kale kudwala, anati, “Khasu. Zilembo zisanu, ndipo mlimi aliyense amadzuka nalo.”

“Achimwene, mukufuna kukumbutsa anthu matuza?” ndinatero. “Sikelo ndiye dzina. Wa Chingelezi akalimva, alizindikira pompo.”

“Iwe, sikelo imakondedwa ndi amene waima kuseri kwake,” anayankha akutsokomola.

Mtsikanayo anati tiyese. Anatchula mayina onse awiri kwa alimi a kalabu ya m'mudzimo, kuti pakatha sabata adzaone limene akulikumbukira ndi kulilemba bwino pafoni. Sabata imeneyo ine sindinakhale pansi. Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wofuna ukhansala, ndikubwereza dzina langa la Sikelo. Ambiri anali makasitomala anga, sakanandikana maso ndi maso. Pa tsiku loyesa, Sikelo inapambana.

“Bambo aang'ono, simunalowererepo?” anandifunsa mwanayo.

Ndinakana, nkhope ili gwa, monga ndimachitira pamsika. Achimwene anangondiyang'ana, kenako anati, “Lemba la bambo ako aang'onowo, mwanangu.”

Anasindikiza mapepala, apu inatuluka nthawi yokolola. Alimi sanaifune. Mayi wina ku Dowa anandiuza, osadziwa kuti ndine ndani, “Ya mavenda imeneyo. Dzina lokhalo likunena kuti ikutibera.” Ndinaseka nawo.

Kusintha dzina la apu n'kotheka, ndipo mwanayo anasinthadi, n'kusindikizanso mapepala onse. Koma zinatenga miyezi, ndipo achimwene sanadikire. Tinawaika m'manda mvula isanagwe. M'chipatala ankapempha foni ya mwana wawo kuti aone ntchito yake, ndipo chimene ankawerenga pansi pa kachithunziko chinali dzina langa lija. Sanadandaulepo. Ine ndinkabwera ndi nthochi, ndinkakamba za mitengo ya soya, koma zoti ndinazungulira m'makomo sindinawauze. Mwanayo ndinamuuza maliro atatha. Anati ankadziwa, bambo ake anamuletsa kundichititsa manyazi.

Lero alimi amafika pa sikelo yanga foni ili m'manja, n'kundionetsa mtengo wa ku Lilongwe pa Khasu. Ndimawonjezera osatsutsa, anzanga mpaka amati ndakalamba.

Mavoti aja ndinapambana ndine, dzina lili pafoni ndi la achimwene, koma iwo sanalione. Inu mukuti anapambana ndani?