Chikoti cha M'kachisi

Ndili fomu 2 pasukulu ina kwa Kasisi, ndinalemba sewero loseketsa lokachita pa mpikisano wa maluso. Lopambana ankapita nalo ku boma, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti anthu aleke kundinena kuti mwana wa bambo uja amamenya ana.

Aphunzitsi a Chichewa anali atatiuza kuti sewero lotere limayenda ndi miyendo itatu. Poyamba uwonetse munthu amene akufuna kanthu ndi chimene chikumutchinga. Kenako vutolo likule, lachiwiri lipose loyamba, lachitatu lipose onse. Pomaliza ulitembenuze kamodzi n'kutseka, anthu adakaseka.

Langa linali la mlonda wa munda wa nzimbe amene amafuna tulo basi, koma wakuba samupatsa mpata. Ulendo woyamba aba nzimbe imodzi, mlonda amukwapula kamodzi. Wachiwiri aba mtolo, zikoti ziwiri. Wachitatu aba mpando mlonda ali pompo. Pomaliza mlonda akweza chikoti, n'kupeza kuti nachonso chabedwa, wagwira nzimbe.

Wakuba anali mnzanga wa pa desiki, mlonda ndinali ine. Poyeserera tinkagwiritsa ntchito mkuzi wa nthochi ngati chikoti, umene umalira kwambiri koma suwawa. Tsiku la mpikisano ndinawona kuti mkuziwo ngwachibwana. Ndinazemba ndi chikoti cha bambo cha chikopa cha mvuu, chimene chinkakhala kuseri kwa chitseko. Msana wanga unkachidziwa bwino, komabe ndinati ndidzangokhudza.

Mpikisano unachitikira m'kachisi woyandikana ndi sukulu. Chikoti choyamba chinalira, anthu anafa nacho chiseko. Mnzanga anadumpha, n'kundinong'oneza: "Iwe, chikuwawatu ichi!"

Ndinamumva. Koma chiseko chija chinali chitandiledzeretsa, ndipo papepala ndinalemba kuti chachiwiri chipose choyamba. Ndinamenya ndi mphamvu. Malaya anang'ambika, mzere wofiira unatuluka kuyambira paphewa mpaka m'nthiti. Anthu ankaganiza kuti ndi utoto. Anaimirira pamabenchi akukuwa kuti, "Muwonjeze!"

Ndinamuwonjeza. Nsonga ya chikoti inazungulira n'kumung'amba khutu. Anagwa chogwada, magazi akudontha pasimenti, akulira m'Chisena kuitana mayi ake. Zimenezo papepala panalibe. Chiseko chinazima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

Wakubayo ndiye amayenera kundisinthira chikoti ndi nzimbe. Sanadzuke. Ndinangoima pamenepo chikoti chili m'mwamba, sewero lopanda mathero, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi kunena kuti dzanja linkafunabe kutsika.

Aphunzitsi anandilanda chikoticho, ena ananyamula mnzanga kupita naye ku chipatala. Za boma zinathera pomwepo. Ndikutuluka, mayi wina wogulitsa masawu pakhomo anandiyang'ana, n'kuuza mnzake mosabisa mawu:

"Mwamuwona kagwiridwe kake? Ndi bambo ake enieni."