Mamita a Zitsulo za Bimu ya ku Madzimoyo

Mundikhululukire kuti ndayesa kulemba, si ntchito yanga. Koma ndikufuna kukumbukira a Whiteson Zulu, amene ankapinda zitsulo pa nyumba zambiri za m'Chipata.

Nditangotuluka kukoleji, tinkamanga nyumba ku Madzimoyo. Ine ndinapatsidwa ntchito yolemba ndondomeko ya zitsulo za bimu ya khonde (mtanda wa konkire), yotalika mamita anayi. Ndinalemba zitsulo zinayi zazikulu za Y12, chilichonse mamita 4.3 pamodzi ndi zopinda kumapeto, ndiponso malingi a chitsulo chaching'ono cha R8 omangira zinayizo, otalikirana masentimita 20. Kuphatikiza zinayizo kunapereka mamita 17.2, ndipo poti chitsulo chimagulitsidwa cha mamita 12, ndinati ziwiri zikwana, zitsalanso. Komabe ndinaopa. Ndinawerenga mobwerezabwereza mpaka tsiku linapita, galimoto yopita kutauni kukagula zitsulo inatsala pang'ono kutisiya, ndipo kuthira konkire kukanachedwa sabata yonse.

A Zulu anabwera akupukuta dzimbiri m'manja.

“Amisiri aang'ono, pepalalo mukuliweta?”

“Ndikuopa kulakwitsa, bambo.”

Anangofunsa kuti, “Pa chitsulo chimodzi mudulapo zingati?”

“Ziwiri, n'kutsala mamita 3.4.”

“Ndiye ziwiri zikupatsani zinayi. Zotsalazo ndipindira pawindo. Thamangirani galimoto, masamu anu ali bwino kuyambira m'mawa.”

Lero a Zulu anapuma, akulima mtedza ku Chipangali, ndipo ndimasowa kulira kwa mpaipi wawo wopindira zitsulo. Ndatsimikiza kuti ndondomeko ndiziwerenga kawiri, ndione kadulidwe, kenako ndizipereka.